Amafuna alendo, koma walipirira oweta nsomba

Mbuna, tinsomba tamawangamawanga timene timakhala m'miyala ya m'Nyanja ya Malawi, n'totchuka kunja kuposa mmene ambiri timaganizira. Ku Mangalande, ku Jeremani ndi ku Amereka kuli anthu ochuluka amene amatiweta m'mathanki agalasi m'nyumba zawo. Tsiku ndi tsiku anthu amenewa amafufuza pa Google za chakudya chake, za madzi ake ndiponso za kumene angatigule, ndipo m'zolemba zawozo dzina la nyanja yathu silisowa. Kwa mwini loji wa ku Cape Maclear kapena ku Nkhata Bay amene akutsatsa zipinda zake pa Google, kutchuka kumeneku kumatha kumudyera ndalama. Iye akufuna mlendo wodzagona, koma malonda ake akuonekera kwa munthu amene akungofuna thanki ya nsomba, ndipo munthuyo akadina, wolipira ndi mwini loji.

Ndalama zotayika moteremu sizibisika. Zimalembedwa mu lipoti limene wotsatsa aliyense ali nalo m'akaunti yake ya Google Ads, lotchedwa Search terms. Nkhani yagona pa kudziwa kuliwerenga, ndiponso kudziwa zoti uletse ndi zoti usiye.

Zimene unasankha ndi zimene analemba

Potsatsa pa Google, wamalonda amasankha mawu amene akuganiza kuti makasitomala ake azilemba pofufuza. Pa sikirini mawu amenewa amapezeka pansi pa dzina lakuti Keywords, ndipo ife tiwatchule kuti mawu osankhidwa. Koma munthu wofufuza salemba zimene wamalonda anaganiza. Amalemba zake, mmene zamubwerera m'mutu, ndipo amenewa ndiwo mawu ofufuzira. Google ndi amene amaima pakati n'kugamula ngati ziwirizi zikuyandikana mokwanira kuti malonda aoneke. Kuonekerako n'kwaulere. Ndalama imachoka pamene munthu wadina.

Kuyandikanako kuli ndi miyeso itatu, ndipo wotsatsa amaisonyeza ndi kalembedwe kake:

```
lake malawi lodge
"lake malawi lodge"
[lake malawi lodge]
```

Mzere woyamba, wopanda chizindikiro chilichonse, ndi Broad match. Umapatsa Google ufulu woonetsa malonda pa chilichonse chimene akuona kuti chikukhudzana ndi nkhaniyo, ngakhale mawu enieniwo asapezekemo. Umakoka ngati khoka: chambo, usipa, nkhono ndi zinyalala zonse zimafika pamtunda. Wachiwiri ndi Phrase match, umene umafuna kuti tanthauzo la mawu osankhidwawo lipezeke m'zimene munthu walemba. Wachitatu ndi Exact match, umene umafuna tanthauzo lofanana kapena cholinga chofanana.

Kale muyeso wachitatuwu unali wokhwima zedi, koma Google wakhala akuumasula. Kuyambira 2014 unayamba kulola mawu olembedwa molakwika ndi ochulukitsa popanda wotsatsa kukana, ndipo mu 2018 unayamba kulola ngakhale mawu ena a tanthauzo lofanana. Ndiye chifukwa chake lero palibe wotsatsa amene anganene motsimikiza kumene malonda ake akuonekera asanatsegule lipoti.

Lipoti la mwezi umodzi

Tiyerekeze loji ya ku Cape Maclear imene imawononga madola 300 pamwezi. Manambalawa ndi ongoyerekezera, kuti tione kawerengedwe kake. Kudina kumodzi kukudya masenti 50, kotero pamwezi pakhala kudina 600. Mwa onsewo, anthu 10 adzaza fomu yofunsa malo ogona. Munthu mmodzi wofunsa malo wadya madola 30. Mwini loji anasankha mawu anayi okha, ndipo amodzi mwa iwo ndi `lake malawi` a Broad match, poganiza kuti aliyense wolemba dzina la nyanja ndi mlendo.

Lipoti limapezeka pa Insights and reports, kenako Search terms. Choyamba n'kusankha masiku, ndipo kwa bajeti yaing'ono ngati iyi masiku 30 ndiye ochepetsetsa, chifukwa sabata imodzi siikhala ndi zokwanira kuweruzira. Chachiwiri n'kuonetsetsa kuti madanga ofunika akuoneka: Clicks, Cost, Conversions, Match type ndi Keyword. Danga lomalizali nthawi zambiri limafunika kuliwonjezera wekha kudzera pa Columns, ndipo ndilo limaulula mawu osankhidwa amene anakoka munthu aliyense. Chachitatu n'kudina pamutu pa danga la Cost kuti mizere yodya ndalama zambiri ikhale pamwamba. Ambiri amayambira pa mizere imene yaonekera kwambiri, koma kuonekera sikulipiridwa. Poyambira ndi pamene ndalama zapita.

Pamwamba pa lipoti la loji yathu pali zosangalatsa: `cape maclear accommodation`, `lake malawi beach lodge`, `where to stay cape maclear`. Apa mpamene anthu ofunsa malo achokera. Koma kutsika pang'ono kukuyamba kuoneka zina: `lake malawi cichlids for sale`, `malawi cichlid tank setup`, `lodge jobs in mangochi`, `how deep is lake malawi`. Pa mzere uliwonse funso ndi limodzi lokha: kodi munthu amene analemba izi amafuna chiyani, nanga ine ndimagulitsa chimenecho? Woyamba akufuna kugula nsomba, wachiwiri akukonza thanki, wachitatu akufuna ntchito, wachinayi mwina ndi mwana wasukulu. Palibe ngakhale mmodzi wofuna chipinda.

Ndalama zimabisala m'timizere ting'onoting'ono

Msampha wa lipotili ndi wakuti zotayikazo siziunjikana pamalo amodzi. Mzere wa `malawi cichlid tank setup` wangodya dola imodzi ndi theka. Wina wofanana nawo wadya masenti 50. Wowerenga wothamanga amaona kuti palibe chodandaulitsa. Koma anthu salemba mofanana, kotero nkhani imodzi yomweyo imamwazikana m'mizere makumi angapo, uliwonse ndi kandalama kake.

Njira yake n'kuleka kuwerenga mizere n'kuyamba kuwerenga liwu limodzilimodzi. Mu lipoti momwemo muli sefa: ukasankha Search term n'kulemba liwu ngati `tank`, imatsala mizere yokhayo imene muli liwulo, ndipo pansi pamaoneka ndalama zonse pamodzi. Amene amakonda Excel kapena Google Sheets akhoza kutsitsa lipotilo. Ngati mawu ofufuzira ali m'danga A ndipo ndalama zili m'danga F, fomula iyi imaphatikiza zonse zimene zapita pa liwu limodzi:

```
=SUMIF(A:A,"*tank*",F:F)
```

Chofunika kusamala n'chakuti mzere umodzi ukhoza kukhala ndi mawu awiri amene ukuwerengera, monga `tank` ndi `aquarium`, ndiye usawerengedwe kawiri.

Mwini loji atachita zimenezi akupeza magulu atatu. Za kuweta nsomba zadya madola 48. Za kufunafuna ntchito zadya madola 27. Mafunso a kusukulu, monga kuya kwa nyanja ndi mapu, adya madola 15. Zonse pamodzi ndi madola 90, kudina 180, ndipo palibe wofunsa malo ngakhale mmodzi. Pa madola 10 alionse, atatu apita pachabe. Anthu 10 aja anachokera pa madola 210 otsalawo, kutanthauza kuti mtengo weniweni wa munthu mmodzi ndi madola 21, osati 30. Bajeti yonse ikanapita kwa anthu oyenera, pa mlingo womwewo, ikanabweretsa anthu pafupifupi 14. Koma zimenezi zimatheka pokhapokha ngati ofufuza oyenerawo alipo okwanira. Ngati palibe, phindu lake ndi ndalama yotsala m'thumba, imenenso si yochepa.

Wina anganene kuti bwanji osangoletsa malonda kuoneka m'mayiko amene kuli oweta nsomba. Vuto ndi lakuti mayiko amenewo ndi omwewonso kumachokera alendo. Ofuna ntchito nawo ali m'mizinda yomweyo imene mumachokera mabanja obwera kunyanja pa Khirisimasi. Chimene chikuwasiyanitsa si kumene ali, koma zimene alemba.

Mawu oletsa ali ndi malamulo awoawo

Chida chotsekera ndi Negative keywords, mawu oletsa. Ukaika liwu pamndandanda umenewu, malonda ako saoneka kwa amene walilemba. Kalembedwe kake n'kofanana ndi ka mawu osankhidwa, koma kagwiridwe kake ka ntchito n'kosiyana, ndipo apa mpamene ambiri amaphonya.

Mawu oletsa opanda chizindikiro amatseka pamene mawu onsewo apezeka, mosayang'ana dongosolo lake. Ukaletsa `fish food`, wolemba `food for malawi fish` watsekedwa, koma wolemba `fresh fish dinner` sanatsekedwe, chifukwa liwu limodzi likusowa. Oikidwa pakati pa zizindikiro zogwira mawu, monga `"for sale"`, amatseka pamene mawuwo atsatizana chimodzimodzi, kaya kutsogolo kapena kumbuyo kuli mawu ena. Oikidwa m'mabulaketi amatseka yekhayo amene walemba ndendende zomwezo, popanda kuwonjezera kanthu.

Tsono taonani chimene chimachitika. Ukachonga mzere mu lipoti n'kudina Add as negative keyword, Google amauika wonse m'mabulaketi, monga `[malawi cichlid tank setup]`. Ukangovomera, watseka munthu mmodzi yekha wolemba mawu anayiwo m'dongosolo lomwelo. Mawa kubwera wina wolemba `best tank size for malawi cichlids`, ndipo ulipiranso. Chofunika n'kufufuta zonsezo n'kusiya liwu lenileni limene laononga, lomwe ndi `tank`.

Kusiyana kwina n'kwakuti mawu oletsa satambasuka. Pamene mawu osankhidwa amakoka ochulukitsa ndi ofanana nawo tanthauzo, oletsa amagwira chokhacho chimene walemba. Ukaletsa `job`, wolemba `jobs` adutsa. Ukaletsa `aquarium`, wolemba `aquariums` adutsa. Mu 2024 Google analengeza kuti mawu oletsa ayamba kugwiranso mawu olembedwa molakwika, koma ochulukitsa ndi ofanana tanthauzo uyenera kuwalemba wekha. Mndandanda woyamba wa loji yathu ukhoza kuoneka chonchi:

```
tank
tanks
aquarium
aquariums
"for sale"
job
jobs
salary
"how deep"
```

Mawu oletsa akhoza kuikidwa pa gulu limodzi la malonda, pa kampeni yonse, kapena pamndandanda umodzi wogwiritsidwa ntchito ndi makampeni angapo. Mawu ngati `jobs` ndi `aquarium`, amene loji siidzawafuna pena paliponse, malo ake ndi pamndandanda wa onse, kuti kampeni yatsopano ikadzayamba isadzayambirenso kulipira maphunziro omwewo. Liwu limene likuononga pa kampeni imodzi yokha likhale pomwepo. Mwachitsanzo, `camping` ndi loyenera kuletsedwa pa kampeni ya zipinda zodula, koma osati pa kampeni yotsatsa malo omangapo matenti.

Kuletsa kopyola muyeso

Munthu akangoona madola 90 atapita, mtima umafuna kutseka chilichonse. Apa mpamene pamabadwira vuto loposa loyamba lija, chifukwa ndalama yotayika imaoneka mu lipoti, pamene kasitomala amene wamutsekera kunja saoneka paliponse.

Titenge liwu lakuti `cichlids`. Likupezeka pafupifupi m'mizere yonse ya oweta nsomba, ndiye likuoneka ngati loyamba kuletsedwa. Koma Cape Maclear ili m'dera la Lake Malawi National Park, paki imene inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo UNESCO inaiika pamndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984, makamaka chifukwa cha nsomba zomwezi. Alendo ambiri amabwera kudzasambira pakati pa mbuna. Wolemba `snorkel with cichlids lake malawi lodge` ndi kasitomala weniweni, mwinanso woposa onse. Choncho choletsa si dzina la nsomba, koma mawu osonyeza kuti munthuyo akufuna nsombayo m'nyumba mwake.

N'chimodzimodzi ndi `free`. Ambiri amaliletsa pothawa ofuna zaulere, osadziwa kuti atsekanso wolemba `lodge with free wifi` kapena `free cancellation`. Nalo liwu lakuti `vacancy` limalembedwa ndi wofuna ntchito komanso wofuna chipinda chopanda munthu. Mawu oterewa amafuna kuletsedwa ndi mnzake, monga `"job vacancy"`. Lamulo lothandiza ndi ili: usanaletse liwu limodzi lokha, lilembe mu sefa, uike masiku 90 kapena kuposerapo, uone mizere yonse imene lapezekamo. Ngati wina mwa mizereyo unabweretsapo kasitomala, liwulo lisaletsedwe lokha.

Kumbukiraninso kuti mawu oletsa amapambana mawu osankhidwa. Ukaletsa `cheap` pomwe unasankha `cheap lodge cape maclear`, mawu osankhidwawo amangokhala chete ngakhale akuoneka ngati ali moyo. Chizindikiro chake n'chakuti kuonekera kwa malonda kumagwa mwadzidzidzi patangopita tsiku limodzi kapena awiri. Zikatero, tsamba la Change history limasonyeza zimene zinasinthidwa ndi tsiku lake, ndipo pamenepo mpamene ungapeze liwu lolakwikalo.

Pamene manambala sanakwane

Mizere ya oweta nsomba ndi yosavuta, chifukwa tanthauzo lokha likukwanira kuiweruza. Kudina kumodzi n'kokwanira, palibe chodikira. Yovuta ndi mizere imene ikugwirizana ndi malonda ako koma siinabweretse munthu. Mu lipoti la loji yathu muli `lake malawi honeymoon`: kudina 20, madola 10, wofunsa malo palibe. Kodi aletsedwe?

Tiwerengere. Pa kudina 420 koyenera panachokera anthu 10, ndiye kuti munthu mmodzi pa kudina 42 kulikonse. Mzere wa kudina 20 sunafike n'komwe theka la ulendo. Masamu amasonyeza kuti mzere wabwinobwino, wogwira ntchito pa mlingo womwewu, ukhoza kufika kudina 20 wopanda munthu maulendo 6 pa 10 alionse. Ngakhale pa kudina 42, mwayi wokhala wopanda munthu ndi woposa gawo limodzi mwa magawo atatu. Mwayiwo umatsika kufika pa 5 mwa 100 pamene kudina kwafika 126, amene ndi madola 63, katatu mtengo wa munthu mmodzi. N'chifukwa chake odziwa ntchitoyi amadikira kuti mawu oyenera adye kawiri kapena katatu mtengo wa kasitomala mmodzi asanawaweruze. Ndipo ngakhale atafika pamenepo, nthawi zina wolakwa si mawuwo koma tsamba limene munthu akufikira. Wofuna tchuthi cha akwati akafikira pa tsamba loonetsa mabedi osanjikizana, abwerera.

Palinso zifukwa ziwiri zimene ziro wa m'danga la Conversions anganamizire. Choyamba ndi nthawi. Mlendo wochokera kutali amadina lero n'kukakambirana ndi banja lake, kenako n'kudzafunsa malo patatha masabata atatu. Google amawerengera munthu woteroyo ku tsiku limene anadina, malinga ngati wabwerera m'nyengo yoikika, imene kawirikawiri imakhala masiku 30 ngati siinasinthidwe. Choncho masiku a posachedwa nthawi zonse amaoneka oipa kuposa mmene alili. Chachiwiri n'chakuti makasitomala ambiri kwathu kuno sadzaza fomu. Amakopera nambala n'kuimba foni kapena kulemba pa WhatsApp. Ngati njira zimenezi sizinalumikizidwe ku akaunti, lipoti lisonyeza ziro pa mawu amene akubweretsa alendo ndithu.

Palinso mizere ya pakatikati, monga `lake malawi bilharzia` kapena `ilala ferry timetable`. Wofunsa za likodzo kapena za nthawi ya sitima ya Ilala n'kutheka kuti akukonzekera ulendo, koma pakadali pano sakufuna chipinda. Wa bajeti yochepa akhoza kuwaletsa kuti ndalama zipite kwa amene ali pafupi kulipira. Wa bajeti yokulirapo akhoza kuwasiya. Apa lipoti silikusankhira, wosankha ndi mwini thumba.

Zimene lipoti silionetsa

Ukaphatikiza mizere yonse yooneka, ndalama sizikwana zimene unalipira. Kuyambira mu Sepitembala 2020 Google anasiya kuonetsa mawu amene afufuzidwa ndi anthu ochepa, ponena kuti akuteteza chinsinsi cha ofufuza. Ndalama za mawu amenewa zimaikidwa pa mzere umodzi pansi pa lipoti, wotchedwa Other search terms. Pa loji yathu tinene kuti ndi madola 75, gawo limodzi mwa magawo anayi a bajeti. Mmenemo muli makasitomala enieni, komanso mosakayikira muli oweta nsomba ena.

Sungathe kuwawerenga, koma ukhoza kuwatseka, chifukwa mawu oletsa amagwira ntchito pa zonse, zooneka ndi zobisika zomwe. Ichi ndi chifukwa china choletsera liwu lenileni m'malo mwa mzere wonse wa m'mabulaketi: `aquarium` amatseka ngakhale mizere imene sudzaiona. N'chifukwa chakenso ndi bwino kuganiza patsogolo. Ngati waona `tank` ndi `aquarium`, ungathe kuwonjezera `breeding` ndi `breeder` usanawalipirire.

Pomaliza, danga la Keyword lija liyenera kuyang'anidwa. Ngati pafupifupi zotayika zonse zikuchokera pa mawu osankhidwa amodzi, monga `lake malawi` a Broad match, ndiye kuti gwero lapezeka. Kuletsa mawu sabata ndi sabata pamene gwerolo lili lotsegula ndi ntchito yosatha. Mankhwala ake n'kuimitsa mawuwo n'kuika ena otchula chimene ukugulitsa, monga `"lake malawi lodge"`, komanso kutenga mizere imene yabweretsa alendo mu lipoti n'kuisandutsa mawu osankhidwa.

Kampeni ikakhala yatsopano, tsegulani lipotili kawiri kapena katatu pasabata, chifukwa zodabwitsa zambiri zimatuluka m'masabata oyamba. Ikakhazikika, kamodzi pamasabata awiri kapena pamwezi n'kokwanira. Mawu osagwirizana ndi malonda anu aletseni tsiku lomwelo, ogwirizana nawo apatseni nthawi, ndipo liwu lililonse limene mwaletsa mulilembe penapake pamodzi ndi tsiku ndi chifukwa chake. Musawonjezere bajeti musanawerenge kumene ya mwezi watha inapita.